Chaka chimodzi chomwe magiredi anatsika: mungachifotokoze bwanji pofunsira malo a onazi?

"Aphunzitsi, ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pasitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira. Ndinachita digiri ya zachuma ku Chanco, pano ndikufuna kufunsira malo a onazi, digiri yomwe imatsatira digiri yoyamba, ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ kuno ku Johannesburg. Chaka choyamba ndinapeza avareji ya 64, chachiwiri 66, chachitatu 51, chachinayi 71. Chaka chachitatucho, mu 2018, mayi anga anadwala kwambiri ndipo gadiyani wawo ku Queens ndinali ine mpaka anatisiya. Ndinalemba mayeso obwereza, masapu awiri, imodzi ya ekonometirikisi, phunziro la masamu a zachuma. Pulogalamu yomwe ndikuifuna ikuti 65. Nditchule zimenezi m'kalata, kapena ndingokhala chete? Sindikufuna kuoneka ngati wopempha chifundo."

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya mayi. Tchulani ndithu, koma mwachidule, m'ndime imodzi yokha ya ziganizo zinayi kapena zisanu.

Ndiyambe ndi momwe mapepala anu adzawerengedwere, chifukwa ndakhalapo m'makomiti osankha ophunzira kuno ku Johannesburg ndipo ndikudziwa komwe maso amayambira. Ambiri a ife timayamba ndi thiransikiriputi, pepala la magiredi anu onse, kalata ija timaiwerenga pambuyo. Choncho pomwe munthu azifika pa mawu anu oyamba, 51 uja adzakhala atamuona kale, masapu awiri aja atawaonanso, ndipo mumtima adzakhala atayamba kale kudzifunsa chomwe chinachitika. Mukakhala chete, iye amadziyankha yekha. Ena amaganiza kuti maphunziro atafika polimba munagwa nawo, ena amaganiza kuti munatayirira. Zonsezi n'zoipa kuposa zoona zake. Amene amati chete ndi bwino ndi munthu yemwe anatsika pang'ono, mwachitsanzo kuchoka pa 68 kufika pa 63, kapena yemwe anavutika chaka choyamba chokha pomwe amazolowera moyo wa kukoleji. Inu mwatsika ndi mamakisi 15 pakati penipeni pa digiri, ndipo phunziro limodzi lomwe linakuvutani ndi lomwe a zachuma amaliyang'ana kwambiri. Zotere sizibisika.

Wowerengayo amakhala ndi mafunso awiri basi. Loyamba, kodi chomwe chinachititsa chija chinatha, kapena chidzabweranso pakati pa chaka cha onazi? Lachiwiri, kodi zomwe munthuyu anaphonya chaka chimenecho anadzazidziwa pambuyo pake? Onazi kuno ndi chaka chimodzi kwa wophunzira tsiku lonse, ndipo muli maphunziro olemera pamodzi ndi kafukufuku woti mulembe. Palibe nthawi yobwerera m'mbuyo. Chiganizo chilichonse cha m'ndime yanu chiziyankha limodzi mwa mafunso awiriwa. Chomwe sichikuyankha, ngakhale chitakhala choona ndi chopweteka chotani, chichotseni.

Musanalembe kanthu, khalani pansi ndi manambala anu. Mukaphatikiza zaka zinayi zonse mofanana, 64, 66, 51 ndi 71 zikupereka 252, ndipo mukagawa panayi mupeza 63. Pamenepo mwaperewera ndi mamakisi awiri. Zaka zitatu zinazo pazokha zikupereka 67. Koma mapulogalamu ambiri a onazi kuno sawerengera digiri yonse, amayang'ana mamakisi a chaka chomaliza pa phunziro lomwe munazamapo. Ngati yanu ili choncho, nambala yanu ndi yozungulira 71, ndipo mwadutsa bwino. Werengani mosamala mawu enieni omwe alembedwa pa zofunika za pulogalamuyo.

Apa pali msampha womwe umagwira Amalawi ambiri, ndipo kwa inu ndi woopsa kwambiri. Digiri yoyamba ya zachuma kuno ku South Africa imakhala ya zaka zitatu, ndiye akamalemba kuti akufuna 65 pa maphunziro a chaka chachitatu amatanthauza chaka chomaliza. Digiri yanu ndi ya zaka zinayi. Munthu wa muofesi yemwe ali ndi mulu wa mafomu, akatsegula thiransikiriputi yanu n'kupita pomwe palembedwa chaka chachitatu, apeza 51 n'kuika fomu yanu pambali, kalata yanu asanaione n'komwe. Choncho lembani poyera, koyambirira kwa kalata ndi pena paliponse pomwe fomu ikulolani, kuti digiri yanu ndi ya zaka zinayi ndipo chaka chomaliza ndi chachinayi, momwe munapeza 71. Ikaninso tsamba lofotokoza tanthauzo la magiredi, lomwe kawirikawiri limakhala kuseri kwa thiransikiriputi, chifukwa ambiri amasikana kutsogolo kokha. Satifiketi ya SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro kuno, yomwe aliyense wa digiri yakunja amafunsidwa, siyikuthandizani pa nkhani imeneyi. Iyo imangonena mulingo womwe digiri yanu ikugwerapo pa NQF, ndondomeko ya milingo ya maphunziro kuno, pomwe digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa 7, onazi pa 8 ndipo masitazi pa 9. Za chaka chomwe chinakuvutani siyinenapo kanthu.

Tsopano ndime ija. Mudzailemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale motere. Miyezi ndi makisi a chaka chachinayi a phunzirolo ndangoyerekeza, inu muikemo zenizeni za pa mapepala anu:

"Mamakisi anga a chaka chachitatu, 2018, ndi otsika poyerekeza ndi a zaka zina. Kuyambira Malichi mpaka Okutobala chaka chimenecho ndinali kusamalira mayi anga kuchipatala ku Blantyre pomwe sukulu inali ku Zomba, ndipo ndinaphonya makalasi ambiri. Ndinasankha kupitiriza m'malo mopempha kuimitsa chaka, ndipo ndinalemba mayeso obwereza pa maphunziro awiri, kuphatikizapo ekonometirikisi, n'kukhoza onse. Mayi anamwalira mu Okutobala. Chaka chotsatira, chomwe chinali chomaliza, ndinapeza avareji ya 71, ndi 69 pa ekonometirikisi ya chaka chachinayi, yomwe imamangidwa pa phunziro lomwe ndinabwereza lija."

Taonani momwe yayambira. Mwatchula nokha vutolo wina asanakulozereni, ndipo mwalitchula ndi chaka chake. Kenaka mwapereka miyezi. Miyezi imeneyi ndi yofunika kuposa mawu aliwonse achisoni omwe mungalembe, chifukwa wowerenga akhoza kuiyerekeza ndi thiransikiriputi n'kuona kuti zikugwirizana. Fufuzani nokha kaye. Ngati mamakisi anayamba kutsika kale mayi asanadwale, kapena anakhalabe otsika semesita yonse yotsatira, nenani choncho, musakankhire zonse m'miyezi ya matenda. Munthu wozolowera kuwerenga mapepala otere amaona msanga nkhani ikapanda kugwirizana ndi madeti, ndipo akakayikira chiganizo chimodzi amakayikira kalata yonse.

Onaninso kuti ndatchula Blantyre ndi Zomba, ndi kuti munali kusamalira mayi kuchipatala. Ife tikamva mawu oti gadiyani timadziwa zonse: kugona pansi pafupi ndi bedi kapena kunja, kuphika phala m'mamawa, kuchapa, kusambitsa wodwala, kudikira madokotala akamazungulira m'wodi. Mphunzitsi wa ku Wits ku Braamfontein kapena ku UJ ku Auckland Park mwina sadziwa kuti kwathu wodwala akagonekedwa, wachibale amakhala naye usana ndi usiku. Akhoza kuganiza kuti munkangopita kukazonda Loweruka. Mukhoza kuwonjezera mawu ochepa onena kuti m'zipatala za boma ku Malawi wachibale ndiye amakhala ndi wodwala tsiku lonse, ndipo wachibaleyo munali inu. Mawu amenewo akwanira. Za phala ndi kugona pansi zikhale zanu, musaziike m'kalata. Dzina la matenda a mayi nalonso simukakamizidwa kulitchula, ndipo komiti yabwino siyifunsa.

Chiganizo chachitatu ndi chomwe ambiri amachiopa, koma ndi chomwe chimasiyanitsa kufotokoza ndi kudzikhululukira. Wodzikhululukira amalemba ngati kuti zonse zinangomugwera ndipo iye sanachitepo kanthu. Wofotokoza amaonetsa mbali yomwe inali m'manja mwake. Matenda a mayi sanali m'manja mwanu, koma kupitiriza sukulu m'malo moimitsa chaka kunali kusankha kwanu, mwina chifukwa choopa kutaya ngongole ya fizi, mwina chifukwa simunadziwe kuti n'zotheka, mwinanso chifukwa aliyense ankayembekezera kuti mayi achira mwezi wamawa. Nenani kuti munasankha, basi. Musadzinyoze, musalembe kuti munalakwitsa kwambiri kapena kuti mukupepesa. Simunalakwire komitiyo. Ine ndikawerenga mawu oti "ndinasankha", ndimadziwa kuti munthuyu akadzakumana ndi vuto mu Juni adzabwera kuofesi kudzanena, sadzangosowa.

Za imfa ya mayi, chiganizo chimodzi chachifupi. Ndikudziwa kuti kulemba choncho kumapweteka, kumakhala ngati mwawachepetsa. Simunawachepetse. M'kalatamu chiganizocho chili ndi ntchito yake: chikuuza wowerenga kuti chomwe chinakuchotsani m'kalasi chinafika pamapeto. Munthu yemwe vuto lake likupitirira, monga matenda ake omwe okhalitsa, amayenera kulemba china pamenepa, kunena zomwe zasintha: kuti ali pa mankhwala, kuti wakhala zaka zingapo akugwira ntchito osadukiza, kuti wakonza womuthandiza kusamalira ana.

Ndime ithere pa umboni, ndipo umboni wake ukhale wa phunziro lomwelo lomwe linagwa. Apa ndi pomwe ndikufuna muthere nthawi yambiri. Avareji ya 71 ndi yabwino, koma wosankha wa zachuma adzafunsa kuti 71 ameneyu anachokera kuti. Ngati chaka chachinayi munasankha maphunziro olemba nkhani okhaokha n'kuzemba onse a masamu, ndiye kuti sapu ya ekonometirikisi ija idakali yosayankhidwa, ndipo onazi ya zachuma imadalira kwambiri phunziro limeneli. Yang'anani pa thiransikiriputi. Kodi munachita ekonometirikisi ina chaka chomaliza? Kodi pa kafukufuku wanu womaliza munagwiritsa ntchito rigiresheni, ndipo munagwiritsa pulogalamu yanji, Stata kapena EViews kapena R? Ngati zilipo, zitchuleni ndi makisi ake. Fufuzaninso ngati makisi a sapu ankadulidwa kuti asapitirire makisi okhozera, monga zimakhalira m'mayunivesite ambiri. Ngati ndi momwemo, nenani m'mawu ochepa, chifukwa ndiye kuti nambala yomwe ili papepala sikusonyeza momwe munalembera mayeso achiwiriwo. Koma tsimikizani kaye ndi ofesi ya rejisitira musanalembe.

Ngati umboni wotere mulibe, musaupange ndi mawu okoma. Upezeni. Mayunivesite ena, kuphatikizapo Unisa, amalola munthu kulembetsa phunziro limodzi popanda kulowa digiri yonse. Semesita imodzi ya sitatisitikisi kapena ekonometirikisi yokhala ndi makisi abwino imalankhula kuposa masamba atatu ofotokoza. Ntchito yanu ya pasitolo itchuleni kwina m'kalata, posonyeza kuti mwakhala mukugwira manambala mokhulupirika, koma musaiike ngati yankho la sapu ija. Kuwerengera ndalama za sitolo ndi ekonometirikisi ndi zinthu zosiyana, ndipo wowerenga akudziwa.

Ndimeyi isakhale yoyamba m'kalata, isakhalenso yomaliza. Yambani ndi chomwe mukufuna kuphunzira ndi funso la kafukufuku lomwe likukusangalatsani, kaya ndi ndalama zomwe Amalawi a kuno amatumiza kumudzi, kaya ndi mitengo ya chimanga. Kenaka maphunziro anu ndi zomwe munachita bwino, ndipo ndime ija ilowe pamenepo, chapakati, pomwe mukukamba kale za magiredi. Mukatero bwererani ku za m'tsogolo. Pa kalata ya tsamba limodzi, isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati fomu ya pa intaneti ili ndi malo akeake ofotokozera zovuta zomwe munakumana nazo, iikeni kumeneko, ndipo m'kalata musiyemo chiganizo chimodzi chokha cholozera kumeneko.

Pali mawu ena omwe ndimawaona kawirikawiri m'makalata a abale athu, ndipo ndimamva chisoni chifukwa ndimadziwa kuti amachokera mu ulemu womwe tinaleredwa nawo. "Ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizire." "Ndine mwana wamasiye wochokera m'banja losauka." "Mukandipatsa mwayi umenewu Mulungu adzakudalitsani." Kwa amalume kapena kwa abusa mawu otere ali m'malo mwake. Ku komiti amamveka ngati mukupempha kuti akutsitsireni mlingo, pomwe inu mukufuna kuwaonetsa kuti mlingowo mumaufika. Pewaninso kuloza ena chala, monga kunena kuti mphunzitsi wa phunzirolo anali wouma mtima kapena kuti theka la kalasi linalephera. Ngakhale zitakhala zoona, omwe akuwerengawo ndi aphunzitsinso. Musalembenso kuti pakadapanda matenda mukadapeza 75. Palibe angatsimikize zimenezo, ndipo zaka zanu zina zitatu zikunena kale zomwe mumatha.

Njira yosavuta yoyesera ndi iyi. Mukamaliza kulemba, chotsani mawu onse ofotokoza momwe munamvera, monga "zowawa", "zosaneneka", "ndinasweka mtima". Werengani zotsalazo. Ngati zikuimabe pazokha ndi madeti, malo ndi manambala, ndime yanu ili bwino. Ngati yagwa, ndiye kuti inatsamira pa chifundo.

Za mapepala a umboni, khalani nawo pafupi koma musawaphatikize pokhapokha atawapempha: satifiketi ya imfa, buku la kuchipatala la mayi ngati linasungidwa, kalata iliyonse yomwe munalembera a dini wa ophunzira nthawi imeneyo. Kuno anthu amathamangira kupolisi kukalumbira afidaviti pa chilichonse. Afidaviti imangosonyeza kuti munalumbira, siyiwonjezera kanthu pa zomwe mwanena kale. Umboni wamphamvu kwambiri ndi munthu. Pezani mphunzitsi yemwe anakuphunzitsani chaka chachinayi, makamaka yemwe anayang'anira kafukufuku wanu, ndipo ngati analiponso mu 2018 ndiye bwino kwambiri. Pomupempha kalata yokuchitirani umboni, mutumizireni thiransikiriputi ndi ndime yanu ija, n'kumufunsa mwaulemu ngati angathe kunenapo mawu pa chaka chimenecho. Iye akalemba kuti anakuonani mutabwerera ndipo ntchito yanu ya masamu inali yolimba, wanena chinthu chomwe inu simungadzinenere. Muyambe msanga. Padutsa zaka, aphunzitsi ena anasamuka, ndipo University of Malawi yomwe munaidziwa inagawidwa mu 2021, ngakhale Chanco ndi yomwe inatsala ndi dzinalo ku Zomba komweko.

Ndikuuzeninso malire a kalatayi, kuti musaisenzetse katundu woposa mphamvu zake. Ndime yabwino imathandiza munthu yemwe ali m'malire, kapena yemwe manambala ake akufunika kuwerengedwa moyenera, monga inu. Koma kufika pa 65 sikutanthauza kuti malo mwapeza, chifukwa ofunsira amachuluka kuposa malo, ndipo madipatimenti ena amasefa ndi nambala yokha asanatsegule kalata iliyonse. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musanatumize fomu mulembere imelo yaifupi woyang'anira pulogalamu ya onaziyo. Musafotokozemo za mayi. Ingonenani kuti muli ndi digiri ya zaka zinayi ya ku Malawi, avareji ya chaka chomaliza ndi 71, ya digiri yonse ndi 63, ndipo mukufunsa kuti iwo amawerengera iti. Yankho lake likuuzani ngati muyenera kulimbikira pomwepo kapena kufunsiranso dipuloma ya omaliza digiri, yomwe nayonso ili pa mulingo 8 ndipo m'madipatimenti ena imatsegula njira ya masitazi. Imeloyo muisunge, kuti fomu ikadzakanidwa molakwika chifukwa cha nkhani ya chaka chachitatu ija mudzakhale ndi poyambira.

Chinthu chimodzi musachiyese n'komwe: kutumiza thiransikiriputi yodula, kapena kusatchula masapu pomwe fomu yafunsa. Mafomu amenewa amakhala ndi malo osainira kuti zonse mwanena n'zoona ndi zathunthu, ndipo yunivesite ikhoza kuchotsa munthu ngakhale atayamba kale kuphunzira ikadziwa kuti anabisa. 51 wofotokozedwa bwino ali ndi njira, koma bodza likagwidwa palibe kalata yomwe ingalikonze.

Akakuitanani kuti mukacheze nawo pamaso, funso la chaka chimenechi likhoza kubwera. Yankhani zomwezo zomwe munalemba, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, kenaka pitani pa ekonometirikisi ya chaka chachinayi ndi kafukufuku wanu. Yeserani kunyumba mokweza, pamaso pa mnzanu womukhulupirira, kangapo ndithu, chifukwa kutchula imfa ya mayi pamaso pa alendo kumatha kutseka pakhosi ngakhale patapita zaka. Zikakuchitikirani m'chipindamo, pemphani kamphindi, imwani madzi, n'kupitiriza. Akafunsa zambiri za matendawo zomwe simukufuna kunena, muli ndi ufulu woyankha kuti ndi nkhani ya m'banja ndipo mapepala alipo ngati ofesi ikuwafuna.